Lole Iyambe Yadikira

Munthu amene wayenda pa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu amadziwa kuti chuma cha boma lino chili m'mbali mwa msewu. Pa Lizulu, pa Mlangeni, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Kampepuza pamakhala milu ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba, ndipo ogula ambiri si anthu a m'mudzi ayi. Ndi anthu odutsa. Amafika ndi lole, kugula, kupakira, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu amakhala atalowa mu Lilongwe kapena mu Blantyre. Msewu womwewu umene umabweretsa ogula ndi umenenso umathawitsa akuba, chifukwa katundu akangokwera galimoto palibenso womubweza.

Ine ndinakulira m'banja lochita malonda a zokolola, ndipo pa tchuthi ntchito yanga inali yolemba matumba m'kope la amalume. Zimene ndinaona ndi kumva kumeneko zandichititsa kukhulupirira mfundo imodzi: chilichonse chimene wogula watulutsa m'thumba mwake kapena m'foni mwake si umboni woti walipira. Chikhale cheke, kapepala ka kubanki kokhala ndi chidindo, uthenga wa pafoni kapena chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp, zonsezi ndi mawu a wogula amene avala jekete. Umboni weniweni ndi umene wogulitsa wakautenga yekha ku banki yake, kudzera pa khomo limene iye akulidziwa. Ndikudziwa kuti mfundoyi ikumveka yamwano kwa ogula achilungamo, omwe ndiwo ambiri, ndipo ndifikako pa dandaulo lawo.

Tiyambe ndi cheke, popeza ndi pamene chinyengochi chinaphunzirira ntchito. Cheke si ndalama. Ndi kalata imene mwini akaunti amalembera banki yake kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa uje. Banki ikhoza kumvera kalatayo, ikhozanso kuikana. Imaikana ngati mu akaunti mulibe ndalama zokwanira, ngati akauntiyo inatsekedwa, ngati mwiniwake waletsa, kapena ngati siginecha si yake. Lamulo loona za macheke, lomwe dziko lathu linatengera ku Mangalande, limanena kuti siginecha yopeka ilibe mphamvu iliyonse. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale pepalalo litakhala lenileni, lothothoka m'buku la macheke la kampani yodziwika, wakuba akasainapo yekha ndiye kuti wogulitsa wagwira pepala wamba.

Chovuta n'chakuti yankho la banki silibwera nthawi yomweyo. Cheke cha banki ina chikasiyidwa ku banki ya wogulitsa, chimayenera kukafunsidwa kumene chinachokera, ndipo zimenezi zimatenga masiku ogwira ntchito. Loweruka masana, Lamulungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa. Pakati pa tsiku losiya cheke ndi tsiku la yankho pali mpata, ndipo ntchito yonse ya wakuba ndi yoonetsetsa kuti lole yanyamuka mkati mwa mpata umenewo.

Tiyerekeze motere, ndipo chitsanzochi ndachiumba kuchokera ku nkhani zimene amalonda a kwathu amasimba. Mayi wina wasonkhanitsa matumba 80 a kachewere kuchokera kwa alimi a ku Tsangano. Ena wawalipira, ena wawalonjeza kuti awapatsa akagulitsa. Lachitatu akulandira foni kuchokera kwa bambo wolankhula mwaulemu, amene akuti amapereka chakudya ku sukulu yogonera komweko. Bamboyo sanenerera mtengo kwambiri. Agwirizana K60,000 pa thumba, zonse pamodzi K4,800,000. Akupempha nambala ya akaunti ya mayiyo, n'kunena kuti ku ofesi kwawo saloledwa kuyenda ndi ndalama zambiri chotere.

Lachisanu cha m'ma 2 koloko masana, mnzake wa bamboyo akulowa mu nthambi ya banki ya mayiyo mumzinda, n'kusiya cheke cha K4,800,000 m'dzina la mayiyo. Chekecho n'chobedwa, kapena n'cha akaunti imene inafa kalekale. Wogwira ntchito m'banki sakulakwa pochilandira. Iye akudinda kapepala kosonyeza kuti walandira cheke, ndipo chidindocho n'chenicheni, tsiku ndi lenileni, nambala ya akaunti ndi yeniyeni. Panja, akubawo akujambula kapepalako n'kukonza chinthu chimodzi chokha: pamene pakusonyeza kuti chasiyidwa ndi cheke, akusintha kuti pazioneka ngati zasiyidwa ndi ndalama zenizeni. Chithunzicho chikufika pa foni ya mayi uja. Ngati banki yake ili m'gulu la mabanki amene amatumiza uthenga chinthu chikangolembedwa pa akaunti, uthenganso ukulowa, ndipo ukuchokeradi ku banki.

Pofika 3 koloko lole yaima pakhomo. Dalaivala ndi waganyu, wapezedwa pa siteji m'mawa womwewo, ndipo za chinyengo sakudziwapo kanthu. Foni ikulira.

"Mayi, mwauona uthenga?"

"Ndauona, bambo."

"Ndiye tithandizeni msanga, mayi wanga. Dalaivalayo ali ndi ulendo wina, ndipo ana kusukulu kuno mawa alibe chakudya."

Anyamata akupakira. Lolemba kapena Lachiwiri banki ikubweza chekecho n'kuchotsa nambala ija pa akaunti. Foni ya bambo uja siikupezekanso. Dalaivala akafunsidwa akuloza malo ena m'mbali mwa msika kumene anatsitsa matumba, ndipo kachewereyo anagulitsidwa Loweruka lomwelo, anthu anakazinga tchipisi n'kudya. Mayi uja watsala ndi ngongole kwa alimi amene anamukhulupirira, anthu amene adzakumana nawo pa maliro ndi kutchalitchi moyo wake wonse.

Ndikufuna tione bwino pamene mayiyu anagwera, chifukwa anthu amafulumira kunena kuti anapusa. Sanapuse. Anafuna umboni ndipo anaupeza, wina mpaka wochokera ku banki. Chimene sanadziwe n'chakuti akaunti ya kubanki imakhala ndi manambala awiri. Pa chikalata cha akaunti kapena pa makina pamalembedwa `Book balance` kapena `Ledger balance`, pena `Current balance`, ndipo imeneyi ndi nambala ya zonse zimene zalembedwa, kuphatikizapo macheke amene sanayankhidwe. Palinso `Available balance`, ndipo iyi yokha ndiyo ndalama imene munthu angatape lero. Nambala yoyamba ikakwera koma yachiwiri osasuntha, ndiye kuti ndalama sizinafike. Mayi uja akanayang'ana nambala yachiwiriyo, kapena akanafunsa ku banki funso limodzi lakuti, "Kodi ndingatape ndalama zonsezi panopa?", lole ikanabwerera yopanda kanthu.

Palinso cheke chimene amalonda amachiopa pochikana, chija amati cheke cha banki, cholembedwa ndi banki yeniyeniyo osati munthu. Chimenechi chikakhala chenicheni chimakhaladi chodalirika, chifukwa banki imayamba yachotsa ndalama kwa wogula isanachilembe. N'chifukwa chake akuba amakonda kuchipeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amalangiza kuti munthu aziyang'ana pepalalo padzuwa, azikhudza ngati inki ikufufutika, aziona ngati manambala a m'munsi ali bwino. Malangizowa si oipa, koma ine sindiwadalira. Munthu amene amaona cheke chotere kawiri pachaka sangapikisane ndi munthu amene ntchito yake ndi yochipeka. Ndipo choopsa kwambiri ndi nambala ya foni imene wogula amapereka kuti, "Imbani ku banki mufunse nokha." Woyankha kumeneko ndi mnzake, ndipo amayankha mwaulemu kuposa a kubanki enieniwo. Wofuna kufunsa apite yekha ku nthambi, kapena aimbe nambala imene anaidziwa wogulayo asanabwere.

Macheke akutha mphamvu. Ku South Africa mabanki anasiyiratu kuwalandira kumapeto kwa chaka cha 2020, ndipo kuno kwathu malonda ambiri a m'misika anasamukira pa foni chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Wina akhoza kuganiza kuti vutoli lifa limodzi ndi cheke. Silingafe, chifukwa chinyengocho sichinali m'pepala. Chinali pa kuonetsa. Lero wogula amatembenuza foni yake n'kukuonetsa uthenga woti ndalama zatumizidwa, kapena amakutumizira chithunzi cha lisiti la banki. Kukonza chithunzi chotere n'kosavuta kuposa kupeka cheke: amatenga lisiti lenileni la K4,800, n'kuwonjezera maziro atatu, kapena kusintha dzina ndi tsiku pa lisiti lakale. Akamachita zimenezi pakati pa mabanki awiri osiyana amakhala ndi chonamizira chokonzeka kale, chakuti ndalama zochoka ku banki ina zimachedwa kuoneka. Nthawi zina zimachedwadi, ndipo bodza labwino limatsamira pa choonadi chotere.

Uthenga wabodza wa pafoni uli ndi njira zake. Wina umachokera pa nambala wamba koma mawu ake akopedwa ndendende kuchokera ku uthenga weniweni. Wakuba wochenjera amayamba wabwereka foni ya wogulitsa, ati aimbire dalaivala, n'kusungamo nambala yake pansi pa dzina la kampani ya foni. Uthenga ukamalowa, pamwamba pamaoneka dzina la kampaniyo. Wogulitsa wotanganidwa, amene akuwerenga matumba uku akukangana ndi opakira, amangoona dzinalo ndi nambala ya ndalama basi. Mankhwala ake ndi amodzimodzi ndi a cheke aja. Usawerenge chimene chabwera chokha, pita ukafunse. Wa Airtel Money aimbe `*211#`, wa Mpamba aimbe `*444#`, alowetse nambala yake yachinsinsi, aone ndalama zimene zilimo. Mabanki nawonso ali ndi manambala otere, monga `*626#` ya National Bank. Zimatenga mphindi imodzi, koma zimafuna kuti munthu akhale akudziwa ndalama zimene zinalimo poyamba, apo ayi sangadziwe ngati zawonjezeka.

Tsono ngati njira yake ili yapafupi chotere, n'chifukwa chiyani anthu akuberedwabe? Apa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi amene amati vuto ndi umbuli. Amalume anga ankadziwa bwino kusiyana kwa cheke ndi ndalama, komabe ndinkawaona akuvutika kuuza mlendo kuti adikire. Vuto ndi manyazi. Tinaleredwa kuti mlendo sakayikiridwa pamaso, makamaka mlendo wooneka bwino, wotchula dzina la sukulu, la mpingo kapena la bungwe. Kutulutsa foni n'kuyamba kufufuza iye ali chiimire pomwepo kumaoneka ngati kumunena kuti ndi wakuba. Wakubayo amadziwa zimenezi kuposa ife, ndipo amazigwiritsa ntchito. Ukangoti, "Bwana, ndiyambe ndaona kaye," nkhope imasintha: "Mayi, ine ndi msinkhu wangawu ndingakubereni? Ngati simukufuna malonda nenani, pa Lizulu pali ena." Mawu amenewa amabaya pawiri. Amakuchititsa manyazi, ndiponso amakukumbutsa kuti kachewere sadikira. Tomato ndiye amaposa, masiku awiri okha wayamba kufewa. Wogulitsa zowola ndiye amafulumira kugonja, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti alimi ndi amalonda a boma ngati lathu ali pa ngozi yaikulu kuposa wogulitsa simenti kapena malata, ngakhale nawonso amaberedwa m'njira yomweyi.

Dandaulo la ogula achilungamo ndi lomveka. Iwo amati netiweki imavuta, makamaka kumapiri a ku Tsangano ndi m'malire, kumene foni nthawi zina imakoka netiweki ya ku Mozambique. Amati alipiradi, ndalama zachoka ku akaunti yawo, lole akuilipira pa tsiku, ndiye adikire mpaka liti? Ndikuvomereza kuti kudikirako kuli ndi mtengo wake. Koma tiyeni tiyeze mitengo iwiriyi. Wogula wachilungamo akadikira, ataya maola angapo, mwina ndalama ya lole ya tsiku limodzi. Wogulitsa akapanda kudikira n'kupezeka kuti wanamizidwa, wataya mpamba wonse ndi mbiri yake kwa alimi. Komanso wogula ndiye amasankha njira yolipirira ndi nthawi yake. Amene akudziwa kuti adzafuna katundu Lachisanu akhoza kulipira Lachiwiri. Akasankha kulipira Lachisanu madzulo kudzera njira yochedwa, kuchedwako ndi kwake, asakusenzetse wogulitsa. Ndaonanso kuti wogula weniweni akauzidwa kuti adikire amadandaula za nthawi, pamene wakuba amadandaula za ulemu wake. Kusiyana kumeneku n'kothandiza kukumvetsera.

Manyazi amachepa ngati lamulo si la munthu mmodzi. Mayi mmodzi akamaumirira yekha kuti ayambe waona ndalama, amaoneka wovuta, ndipo wogula amapita kwa mnzake. Koma makomiti a m'misika, makalabu a alimi ndi makopaletivi atagwirizana n'kulemba pa chikwangwani kuti katundu satuluka ndalama zisanaoneke kwa mwini katundu, wogulitsa angangoloza chikwangwanicho n'kunena kuti, "Pepani bwana, si ine, ndi lamulo la pamsika pano." Kumalo omwetsera mafuta ndi m'masitolo akuluakulu zikwangwani zokana macheke a anthu wamba zinakhalapo kwa zaka zambiri, ndipo palibe amene ankati watukwanidwa.

Mabanki ndi makampani a foni nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo monga wophunzira chiyankhulo gawo limeneli limandikhudza kwambiri. Mawu amene amasiyanitsa ndalama zofika ndi ndalama zolonjezedwa ali m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha akauntanti, chimene ngakhale ife a ku yunivesite timachiphonya. Cheke chikakanidwa pamalembedwa `Refer to drawer`, mawu aulemu kwambiri moti munthu sangadziwe kuti akuuzidwa kuti ndalama palibe. Cheke chimene chikudikira yankho chimatchedwa `Uncleared`. Kodi chingavute n'chiyani kuti uthenga wopita kwa mwini akaunti uzinena m'Chichewa kuti, "Mwalandira cheke. Ndalamazi sizinafike. Musapereke katundu mpaka tikuuzeni"? Makampani omwewa amatha kutitumizira mauthenga a Chichewa chomveka bwino akamatsatsa mipikisano ndi ngongole. Luso lomasulira lilipo, koma likugwira ntchito kumene kuli phindu lawo. M'Chichewa chathu cha tsiku ndi tsiku timangoti "zalowa", ndipo liwu limodzi limeneli likunyamula zinthu ziwiri zosiyana, kulembedwa ndi kutapika. Wakuba amakhala pakati pa matanthauzo awiriwo.

Kukhulupirira pepala kotereku si matenda a kumudzi okha. Pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma imene inaululika mu 2013, yomwe anthu amaitcha Cashgate, macheke a boma ankalembedwa kulipira makampani amene sanapereke katundu aliyense. Kumeneko cheke chinali chenicheni, katundu ndiye anali wabodza. Ku msika wa kwathu katundu ndi weniweni, cheke ndiye chabodza. Konseko munthu wina anayang'ana pepala lodindidwa bwino n'kuleka kufunsa ngati kuseri kwake kuli kanthu. Ngati ku Capital Hill kunachitika zotere, tisamuseke mayi wa kachewere.

Nanga lamulo silingamuthandize woberedwa? Malamulo alipo. M'malamulo a milandu ya upandu a dziko lino, kupeka chikalata ndi mlandu, kupereka chikalata chopeka ukudziwa ndi mlandu wina, ndipo kutenga katundu wa munthu mwa kumunamiza ndi mlandunso. Mu 2016 kunabwera lamulo loona za malonda ndi milandu ya pa makina a kompyuta ndi mafoni, ndipo mu 2018 manambala a foni anayamba kulembetsedwa m'kaundula pogwiritsa ntchito ziphaso. Zonsezi zimathandiza apolisi pofufuza, ngakhale akuba amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. Koma kumangidwa kwa wakuba si kubwerera kwa katundu. Pali mfundo ina ya lamulo la kugulitsa katundu imene amalonda ambiri saidziwa. Katundu wobedwa usiku mosweredwa nyumba amakhalabe wa mwiniwake kulikonse kumene wapezeka. Koma katundu amene mwiniwake anapereka yekha ndi manja ake atanamizidwa, akagulitsidwa msanga kwa munthu wina amene sakudziwa za chinyengocho, kawirikawiri lamulo limateteza wogula wachiwiriyo. Choncho ngakhale mayi uja atawapeza matumba ake mu msika wa ku Lilongwe, zilembo zake zili pomwepo, nkhani yowalanda siikhala yapafupi. Woberedwa athamangire kupolisi ndi ku banki tsiku lomwelo, chifukwa mwayi wake uli pa kupeza katunduyo asanasinthe manja.

Pamene wogula akuumirira kuti sangadikire, njira zapakati zilipo, ndipo amalume ankazigwiritsa ntchito. Ankalola kuti atuluke matumba okhawo amene ndalama zake zaoneka, otsalawo adzatengedwe mawa. Pena ankapakira ndithu, koma lole inkagona pakhomo, makiyi ali m'nyumba. Ankalemba nambala ya lole ndi kujambula chiphaso cha dalaivala, koma ankadziwa kuti zimenezi zimangofikitsa kwa waganyu, choncho ankafunsanso dalaivalayo payekha kuti wamutuma ndani, anakumana naye kuti, ndipo amudziwa kuyambira liti. Dalaivala akayankha kuti bwanayo sanamuonepo, angolankhulana pa foni m'mawa womwewo, amalume ankauza anyamata kuti asiye kupakira.

Chinthu chimodzi chimene sankalola ngakhale pang'ono ndi kubweza ndalama zapamwamba. Wogula wina amatumiza umboni wa K5,300,000 pa katundu wa K4,800,000, n'kuimba foni modandaula kuti kalaliki walakwitsa, chonde K500,000 yapamwambayo mupatseni dalaivala kapena muitumize pa foni. Wogulitsa wachifundo amatenga ndalama zake zenizeni kubweza ndalama zimene sizinabwere, ndipo pofika Lachiwiri amakhala wataya matumba 80 ndi K500,000 pamwamba. Yankho la amalume pa pempho lotere linali lakuti ndalama zolakwika zibwezedwa ndi banki kudzera njira imene zinadzera, zikatsimikizika kuti zinafikadi, ndipo lole idikire mpaka tsiku limenelo.